Seketi ya magwero atatu: pepala ndi mita zitasemphana pa nodi D

Ophunzira atatu a chaka chachiwiri anandipeza mu labu ndi dandaulo lakuti manambala a papepala lawo sakugwirizana ndi zomwe mita ikuwerenga pa bolodi. Pa nodi imodzi pepala linkati 9.6 V, mita inkati 7.33 V. Iwo ankakhulupirira kuti vuto ndi limodzi ndipo ankalisaka m'mawaya. Titafufuza tinapeza kuti mavuto anali awiri, lina papepala lina pa bolodi, ndipo yankho lolondola linali 9 V. Ndalemba lipotili kwa inu amene mukuphunzira njira ya voteji ya manodi, chifukwa seketi imeneyi, ngakhale ndi yaing'ono, ili ndi zonse zimene zimagwetsa anthu magwero akachuluka.

Mmene seketiyo inalumikizidwira

Tengani pepala muijambule pamene mukuwerenga. Manodi alipo asanu: giraundi, A, B, C ndi D. Gwero loyamba ndi la voteji, la 12 V, mbali yake ya + ili pa A ndipo ya − ili pa giraundi. Kuchoka pa A kupita pa B pali R1 ya 2 kΩ, ndipo kuchoka pa B kutsikira pa giraundi pali R2 ya 3 kΩ. Gwero lachiwiri ndi batire la 3 V, mabatire awiri a tochi olumikizidwa mondondozana, mbali ya + pa B ndi ya − pa C. Batireli silikhudza giraundi mbali iliyonse, ndipo nkhani yaikulu yagona pamenepa. Kuchoka pa C kutsikira pa giraundi pali R3 ya 1 kΩ, pakati pa C ndi D pali R4 ya 3 kΩ, ndipo kuchoka pa D kutsikira pa giraundi pali R5 ya 3 kΩ. Gwero lachitatu ndi la karenti, la 5 mA, lomwe lili pakati pa giraundi ndi D ndipo limathira karenti yake mu nodi D.

Ntchito inali kupeza voteji ya pa B, C ndi D, karenti yodutsa m'batire, ndi mphamvu yomwe gwero lililonse likupereka kapena kulandira.

Giraundi mumasankha nokha, ndipo fizikisi siisintha kulikonse kumene mwaiika. Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa ntchito. Tinasankha nodi imene R2, R3, R5 ndi mbali ya − ya gwero la 12 V zimakumana, osati kokha chifukwa nthambi zambiri zimathera pamenepo, komanso chifukwa kusankha kumeneku kumatipatsa VA = 12 V kwaulere. Gwero la voteji likakhala ndi mwendo umodzi pa giraundi, nodi ya mwendo winawo yadziwika kale, ndipo simulemba ikwezhoni ya karenti pamenepo. Zosadziwika zatsala zitatu: VB, VC ndi VD. Ndiye kuti tikufuna maikwezhoni atatu, osapitirira, osachepera. Kuwerenga kumeneku muzikuchita musanalembe chilichonse, chifukwa mukadzapezeka ndi maikwezhoni anayi kapena awiri mudzadziwa msanga kuti penapake mwasochera.

Njira yonseyi yakhazikika pa lamulo la karenti la Kirchhoff, lomwe analifotokoza mu 1845: karenti yonse yotuluka pa nodi ikaphatikizidwa imapereka ziro. Ine ndimaumirira ophunzira kuti pa nodi iliyonse aziyesa kuti karenti ya mu rezista iliyonse ikutuluka, n'kulemba voteji ya nodi imene ayimapo kuchotsapo ya nodi inayo, kugawa ndi rezista. Musamayambe n'kulosera kumene karenti ikulowera. Pa seketi ya gwero limodzi kulosera kumatheka, koma magwero atatu akamakankhana maso amanama. Yankho likatuluka ndi chizindikiro cha −, masamu akuuzani okha kuti karentiyo ikulowa. Chinanso chopepukitsa ntchito ndi chakuti mukalemba marezista mu kΩ ndi voteji mu V, karenti imatuluka mu mA, ndipo simuvutika ndi maziro ambirimbiri.

Nodi D ndi yosavuta. Karenti yotuluka kudzera mu R4 ndi mu R5 iyenera kufanana ndi 5 mA imene gwero likuthiramo:

```
(VD − VC)/3 + VD/3 = 5
2VD − VC = 15
```

Gwero la karenti silivuta m'njira imeneyi, chifukwa chimene ikwezhoni ikufuna, karenti ya m'nthambi, gwerolo lanena kale.

Pamene pepala linalakwikira

Pa nodi B ophunzirawo analemba motere:

```
(VB − 12)/2 + VB/3 = 0
```

Anapeza VB = 7.2 V, anachotsapo 3 V ya batire n'kupeza VC = 4.2 V, ndipo ikwezhoni ya D inawapatsa VD = 9.6 V. Masamu ake ndi oyera, palibe pamene anaphonya kuchulukitsa kapena kugawa. Koma pa B pali nthambi zitatu, ndipo iwo analemba ziwiri. Nditawafunsa za nthambi ya batire, mmodzi anayankha kuti: "Aphunzitsi, mulibe rezista mmenemo, ndiye tigawa ndi chiyani?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo ndi lomwelo limene limabala supanodi, kutanthauza manodi awiri otengedwa ngati nodi imodzi yaikulu. Zoona, simungalembe karenti ya m'gwero la voteji ndi lamulo la Ohm. Gwero lotere limasunga voteji yake ndipo limalola karenti iliyonse imene seketi yonse yafuna. Kusatha kuilemba karentiyo sikutanthauza kuti kulibe. Poisiya, ophunzirawo ananena mosadziwa kuti ndi ziro.

Akanaligwira okha vutoli akanayesa yankho lawo pa nodi C, imene sanaigwiritse ntchito. Ndi manambala awo, R3 ikutulutsa 4.2 mA, pamene yochokera ku D kudzera mu R4 ndi (9.6 − 4.2)/3, yomwe ndi 1.8 mA basi. Pakusowa 2.4 mA. Njira yokha imene ingadzere ndi m'batire momwemo, mmene iwo anati simukudutsa kanthu. Yankho limene likudzitsutsa chotere ndi lolakwa, ngakhale mita musanaigwire.

Njira yake ndi kujambula mzere wozungulira B, batire ndi C pamodzi, n'kuzitenga ngati nodi imodzi yaikulu. Zili ngati nyumba ziwiri za mumpanda umodzi: mukaima pa zipata n'kumawerenga olowa ndi otuluka, amene akungoyenda kuchoka nyumba iyi kupita inayo sakusokonezani. Karenti ya m'batire imatuluka pa B n'kulowa pa C, yonse mkati mwa mzere, choncho siioneka mu ikwezhoni. Mumangowerenga nthambi zimene mzerewo wadula, ndipo pano zilipo zinayi: R1, R2, R3 ndi R4.

```
(VB − 12)/2 + VB/3 + VC/1 + (VC − VD)/3 = 0
5VB + 8VC − 2VD = 36
```

Mzere wachiwiriwo wabwera titachulukitsa zonse ndi 6. Onani bwino kuti B ndi C sizinasanduke voteji imodzi. Nthambi zochoka pa B zikugwiritsa ntchito VB, zochoka pa C zikugwiritsa ntchito VC. Ophunzira ambiri akamva kuti "nodi imodzi yaikulu" amalemba chilembo chimodzi paliponse, ndipo potero amalifafaniza batire.

Pophatikiza manodi awiri tataya ikwezhoni imodzi, koma batire lomwelo likutibwezera. Mbali ya + ili pa B, ndiye B ndiyo ili pamwamba:

```
VB − VC = 3
```

Tsopano atatu akwana. Ikani VB = VC + 3 mu ikwezhoni ya supanodi, mupeza 13VC − 2VD = 21. Phatikizani ndi 2VD − VC = 15, VD ichoka yokha, patsala 12VC = 36. Choncho VC = 3 V, VB = 6 V ndi VD = 9 V.

Mzere waufupi uja wa VB − VC = 3 musauderere. Mukautembenuza, n'kulemba VC − VB = 3, masamu amayendabe bwinobwino n'kukupatsani VB = 2.5 V, VC = 5.5 V ndi VD = 10.25 V. Manambala amenewa amakwaniritsa lamulo la Kirchhoff paliponse, chifukwa ndi yankho loona la seketi ina, imene batire lake lazondoka. Palibe chiyeso cha masamu chimene chingakuchenjezeni. Chokhacho ndi kubwerera pa chojambula, kuika chala pa chizindikiro cha +, n'kuona nodi imene chakhudza.

Karenti ya m'batire ndi mphamvu

Mavoteji akadziwika, karenti ya m'batire imapezeka pobwerera pa B payokha. R1 ikubweretsa (12 − 6)/2, yomwe ndi 3 mA. R2 ikutenga 6/3, yomwe ndi 2 mA. Yotsala, 1 mA, ikulowa m'batire kuchoka pa B kupita pa C. Titsimikize pa C: 1 mA ya m'batire ndi 2 mA yochokera ku D zikupanga 3 mA, ndipo R3 ikutulutsa 3/1, yomwe ndi 3 mA. Zakwanirana.

Taonani kumene karentiyo ikulowera: pa mbali ya +. Gwero limene likupereka mphamvu limatulutsa karenti pa +. Ili likulandira, ndiye kuti batire likutchajidwa, likumeza 3 mW. Ophunzira ambiri amadabwa apa chifukwa anazolowera kuti chilichonse chotchedwa gwero chimapereka. Magwero akachuluka, lamphamvu limatha kukankhira karenti m'linzake chobwerera.

Chiyeso chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha mphamvu, chifukwa chimakhudza nthambi iliyonse. Gwero la 12 V likupereka 3 mA, ndiyo 36 mW. Gwero la karenti likukankha 5 mA pa 9 V, ndiyo 45 mW. Zoperekedwa zonse ndi 81 mW. Kumbali yolandira, R1 ikudya 18 mW, R2 12 mW, R3 9 mW, R4 12 mW ndi R5 27 mW, zonse pamodzi 78 mW. Onjezani 3 mW ya batire, mupeza 81 mW. Mukanaliika batire kumbali yopereka mukanapeza 84 mbali ina, 78 mbali inayo, ndipo kusiyana kwa 6 mW, komwe ndi 3 mW kawiri, kukanakulozerani pa batire pomwepo.

Pali chinanso chimene seketi iyi imabisa. Mukasiya magwero ngati zilembo, Vs ya gwero loyamba, E ya batire ndi Is ya gwero la karenti mu mA, maikwezhoni omwewa amapereka:

```
12VC = 3Vs − 5E + 3Is
```

Gwero la 12 V likuika 3 V pa C, batire likuchotsapo 1.25 V, gwero la karenti likubwezerapo 1.25 V. Awiri omalizawa akufafanizana ndendende. Munthu atachotsa batire n'kuikapo waya, n'kuzulanso gwero la karenti, mita pa C ingawerengebe 3 V. Amene wayeza nodi imodzi yokhayo angapite kunyumba akukhulupirira kuti zonse zili bwino. Muziyeza manodi onse.

Pamene bolodi inalakwikira

Pepala litakonzeka, linkati 6 V, 3 V ndi 9 V. Mita, waya wake wakuda uli pa giraundi, inkawerenga VA = 12.0 V, VB = 5.87 V, VC = 2.67 V ndi VD = 7.33 V. B ndi C sizinali kutali kwenikweni, koma D inaperewera kupitirira 1.6 V, ndipo marezista athu anali a 1%. Kusiyana kotere sikungachokere ku marezista. Mita nayo sitingainamizire, chifukwa mamita wamba amaonekera ku seketi ngati 10 MΩ, ndipo pa marezista a 1 mpaka 3 kΩ karenti imene amaba siioneka n'komwe.

Ophunzirawo anafuna kuzula zonse n'kumanganso. Ndinawaletsa, chifukwa maikwezhoni amene anangolemba ndi chida chofufuzira vuto. Mumatenga manambala a mita n'kuwaika mu ikwezhoni iliyonse, ndipo imene yakana ndiyo imakuuzani dera limene muli vuto.

Tinayamba ndi ya batire. 5.87 kuchotsapo 2.67 ndi 3.2 V, osati 3 V. Limeneli si vuto: batire la tochi latsopano limawerenga pafupifupi 1.6 V, ndiye awiri ndi 3.2 V. Mu fomula ili pamwambayi, E ikakwera ndi 0.2 V, VC imatsika ndi 0.08 V yokha. Sizikufotokoza zimene tinkaona.

Kenako supanodi. R1 ikupereka (5.87 − 12)/2, yomwe ndi −3.07 mA. R2 ikupereka 1.96 mA, R3 2.67 mA, ndipo R4 (2.67 − 7.33)/3, yomwe ndi −1.55 mA. Kuphatikiza zonse patsala 0.01 mA, yomwe ndi ziro malinga ndi mmene mita imawerengera. Ikwezhoni imeneyi yavomera, ndipo povomera yachitira umboni marezista anayi nthawi imodzi. R1, R2, R3 ndi R4 zili m'malo mwake ndipo ndi za mlingo woyenera, pokhapokha zolakwa ziwiri zitafafanizana mwangozi, zomwe sizichitikachitika.

Ya D ndiyo inakana. R4 ikutulutsa 1.55 mA, R5 ikutulutsa 7.33/3, yomwe ndi 2.44 mA, zonse pamodzi 4.0 mA. Gwero linayenera kupereka 5 mA. R4 yachitiridwa kale umboni, ndiye okayikiridwa atsala awiri: gwero likupereka 4 mA yokha, kapena R5 si 3 kΩ. Apa mpofunika kudekha, chifukwa manambala paokha sangasiyanitse ziwirizi. Gwero likanakhala kuti likuperekadi 5 mA, R5 ikanayenera kunyamula 3.45 mA pa 7.33 V, zomwe zikutanthauza rezista ya 2.1 kΩ, ndipo m'bokosi la labu 2.2 kΩ ndi zambiri. Tinazimitsa magetsi, tinazula mwendo umodzi wa R5 n'kuiyeza payokha, chifukwa ukaiyeza ili mu seketi mita imawerenga pamodzi ndi njira zina zonse zotsikira pa giraundi. Inali 3 kΩ. Tinaika mita mondondozana ndi gwero la karenti, ndipo inawerenga 4.0 mA.

Chifukwa chake chinali poyera titangoyang'ana kumene gwerolo linkatenga magetsi. Linali lopangidwa ndi transista, ndipo ophunzirawo analidyetsa ndi batire la 9 V. Papepala gwero la karenti limakweza voteji kufika paliponse pamene pakufunika kuti karenti yake idutse. Gwero lenileni silingakweze kupitirira magetsi amene likudya, ndipo limafunanso gawo lake kuti ligwire ntchito. Lathuli limafuna pafupifupi 1.5 V. Pa batire la 9 V silikanatha kukweza D kupitirira 7.5 V, pamene seketi inkafuna 9 V. Transista inatsegukiratu mpaka pomaliza, ndipo karenti inayamba kulamulidwa ndi marezista, osati ndi gwero. Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuchidziwa: voteji ya pa nodi imakakamira pafupi ndi ya magetsi odyetsa gwero, ndipo mukachepetsa rezista ya pa nodiyo karenti imabwerera pa mlingo wake.

N'chifukwa chake 45 mW ija tinaiwerengera pamodzi ndi 9 V yake. Musanamange seketi yokhala ndi gwero la karenti, werengerani voteji imene idzakhale pa gwerolo, muonjezepo gawo limene limafuna, ndipo muone ngati magetsi anu akufika pamenepo.

Tinasamutsa waya wodyetsa gwerolo kuchoka pa batire la 9 V kupita pa nodi A, pa 12 V. Mmodzi wa ophunzirawo anafunsa ngati sitiyambanso masamu, popeza tsopano gwero la karenti lili pakati pa A ndi D, osati pakati pa giraundi ndi D. Maikwezhoni a B, C ndi D sasintha. D ikulandirabe 5 mA, ndipo sizikukhudza kumene yachokera. A ikadali pa 12 V chifukwa gwero la voteji likuigwira. Chimene chasintha ndi kagawidwe ka mphamvu: gwero la 12 V tsopano likutulutsa 8 mA, ndiyo 96 mW, ndipo gwero la karenti, lomwe lili ndi 3 V pakati pa miyendo yake, likumeza 15 mW. Chotsani 15 pa 96, 81 mW ija yabweranso. Kakarenti kamene transista imadya payokha sitinakawerengere, chifukwa sikadutsa pa B, C kapena D.

Ndi E = 3.2 V ndi Is = 5 mA, masamu amalosera VB = 6.12 V, VC = 2.92 V ndi VD = 8.96 V. Mita inagwirizana ndi manambala atatu onsewa, kusiyana kwake kosapitirira 1%.

Kuyesa pa kompyuta

Pomaliza ndinawapempha kuti alembe seketi yoyamba ija mu SPICE, pulogalamu imene inayambira ku Berkeley mu 1973 ndipo mbadwa zake monga ngspice ndi LTspice zikugwirabe ntchito:

```
* magwero atatu
V1 A 0 12
V2 B C 3
I1 0 D 5m
R1 A B 2k
R2 B 0 3k
R3 C 0 1k
R4 C D 3k
R5 D 0 3k
.op
.end
```

Mzere wa I1 ndiwo umagwetsa anthu. Karenti imadutsa mkati mwa gwero kuchoka pa nodi yoyamba kupita pa yachiwiri, ndiye kuti ithiridwe mu D, giraundi ndiyo imalembedwa koyamba. Mukazitembenuza, gwero limayamwa 5 mA kuchoka mu D. Zotsatira zimaonetsa karenti ya V1 ngati −3 mA ndi ya V2 ngati +1 mA. Kwa gwero la voteji, pulogalamuyi imawerenga karenti yolowa pa +, choncho − ikutanthauza gwero lopereka ndipo + ikutanthauza lolandira, monga tinapezera pamanja.

Pulogalamuyi siijambula supanodi. Imatenga karenti ya m'gwero lililonse la voteji ngati chosadziwika choonjezera, n'kulemba ikwezhoni pa B ndi pa C padera, njira imene Ho, Ruehli ndi Brennan anaifalitsa mu 1975. Pa seketi yathu zosadziwika zikanakhala zisanu ndi chimodzi m'malo mwa zitatu, zomwe n'zolemera pamanja koma zosavuta kwa kompyuta. Dziwaninso kuti I1 ya m'pulogalamu ndi gwero langwiro lopanda malire, ndiye silikanationetsa vuto la batire la 9 V lija. Likanatipatsa 9 V pa D mosakayika.

Chinthu chimodzi tinasintha pa bolodi gulu lotsatira lisanafike. Mabatire a tochi sanapangidwe kuti azitchajidwa. Karenti ya 1 mA kwa ola limodzi la labu ndi yaing'ono, koma ikamakankhidwira mobwerera kwa nthawi yaitali batire lotere limatha kuchucha n'kuwononga chogwirira chake. M'malo mwake tinaika mabatire awiri otchajika a 1.2 V, ndipo papepala la ntchito tinalemba E = 2.4 V, yomwe mu fomula ija imapereka VC = 3.25 V, VB = 5.65 V ndi VD = 9.125 V.